Magata a pulasitiki kapena a malata? Ndayesa onse pa nyumba imodzi ku Ngabu

Chiyambire pamene ndinasintha magata a kumaso kwa nyumba yanga, aja olandira madzi a mvula m'mphepete mwa denga, aliyense wodutsa pamsewu wopita kumsika amaima n'kufunsa funso lomwelo: bwanji kumaso mwaika a malata koma kuseri mwasiya a pulasitiki, ndalama zinathera panjira? Alamu anga a ku Bangula andifunsa katatu, ndipo tsopano akufolera yawo. Ndiye ndilembe kamodzi, yemwe adzafunsenso ndizingomulozera.

Nyumba yangayi si yaikulu. Khoma lalitali ndi mamita 12, malata anatuluka masentimita 30 uku ndi uku, choncho m'mphepete mwa denga momwe mumadutsa gata ndi mamita 12.6. Denga ndi la mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imaphimba mamita 4.5 mukayeza pansi. Mitengo yonyamula denga ilipo 11, yotalikirana mamita 1.2. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kuno gata sitiikira kukongoletsa. Mjigo wathu madzi ake ndi amchere, monga mijigo yambiri ya ku Chikwawa, moti tiyi wake amamveka ngati mwathiramo soda ndipo sopo sachita thovu. Mvula ya chaka chonse siipitirira kwenikweni mamilimita 700 kapena 800, koma pa denga langa la masikweya mita 113 ndi madzi opitirira malita 79,000. Chachiwiri ndi dothi. Makande a kuno amafufuma akamwa madzi n'kung'ambika akauma, ndipo madzi a padenga akamagwera m'tsinde mwa khoma chaka ndi chaka, mng'alu suchedwa kutulukira pakona ya zenera.

Mu Juni 2021 ndinakwera ku Blantyre n'kukagula magata a pulasitiki oyera, aja ooneka ngati paipi yong'ambidwa pakati, a mamilimita 125 m'lifupi. Mnyamata wa m'hadiweya, yomwe sinditchula dzina ngakhale mtima ukufuna, anandilembera kotesheni yokoma: magata 4 a mamita 6, mapaipi 2 otsitsira madzi, mabulaketi 22. Ndinaona kuti n'zotheka. Zomwe sanalembe ndi zomwe zinandipweteka. Gata wa mamita 6 salowa m'minibasi, ndipo kondakitala aliyense ankangomuyang'ana n'kuseka. Ndinachita kupempha malo pa lole yomwe inkatsika ndi simenti, n'kulipira ngati ndanyamula mbuzi zitatu, ndipo pofika ku Thabwa titatsika mapiri aja gata mmodzi anali atang'ambika mlomo pomwe chingwe chinamufinya. Titafika kunyumba m'pamene tinaona kuti magata awiri a mamita 6 ndi mamita 12, pomwe denga ndi 12.6. Kuperewera masentimita 60 mbali iliyonse! Ndinatumanso munthu kukagula chidutswa cha mamita 3, majoini ena awiri, zotsekera kumapeto zomwe aja anaiwala, ndi mabendi anayi okhotetsera paipi kuti ichoke pa gata n'kukafika pakhoma. Nditaphatikiza malisiti onse, tizinthu ting'onoting'onoti pamodzi ndi thiransipoti tinatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa magata enieniwo.

Koma zimenezo ndikanaziiwala. Chomwe sindiiwala ndi cha mu Okutobala.

Fishabodi, bodi ya m'mphepete mwa denga pomwe amamangirira gata, yomwe inali pa nyumbayo ndi ija ya simenti, yopyapyala ngati chala chaching'ono. Mmisiri yemwe anandiikira magata anayesa kumanga bulaketi pakati pa bodi, sikuluwu n'kungozungulira osagwira, ufa wa simenti ukutuluka. Anati, “Bwana, musadandaule, tingomanga pomwe pali mitengo ya denga, ndi polimba kale.” Mitengo ija ilipo 11, mabulaketi anali 11 mbali iliyonse, zonse zinaoneka ngati zagwirizana. Pa majoini anapaka guluu wa mapaipi a madzi, akuti kuti pasadonthe. Ine ndinaima pansi ndikugwedeza mutu ngati ndikudziwa kanthu.

Pulasitiki wa magata amatalika akatenthedwa, pafupifupi mamilimita 0.07 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Zikuoneka zochepa, koma werengerani za kuno. M'mawa wa Juni, tsiku lomwe tinkaika, kumazizira mpaka cha m'ma 15. Masana a Okutobala mpweya wokha umapitirira madigiri 40, ndipo gata yemwe ali m'munsi mwa malata otentha, dzuwa likumuwombanso, akhoza kufika 55. Kusiyana kwake ndi madigiri 40. Mukachulukitsa 12.6 ndi 0.07 ndi 40, mupeza mamilimita 35. Gata wanga ankafuna kutalika ndi masentimita atatu ndi theka, ndipo analibe kolowera. Majoini a magata amenewa anapangidwa ndi labala mkati, ndipo ambiri ali ndi kamzere kosonyeza pomwe gata akuyenera kulekezera, kuti patsale mpata woti azisuntha yekha usana ndi usiku. Sapakidwa guluu. Wanga anali womatidwa kuchokera uku mpaka uko, wakhala chinthu chimodzi. Ndiye anapindika. Mukaima pakona ya nyumba n'kuyang'ana m'litali mwake, ankaoneka ngati njoka yomwe ikuwoloka msewu, kutuluka apa, kulowa apo. Madzulo kukayamba kuzizira tinkamva “tha! tha!” padenga, ana n'kumati ndi mfiti.

Mvula yoyamba itabwera, vuto lachiwiri linaonekera. Gata wa mamilimita 125 akadzaza amanyamula malita 6 pa mita iliyonse, omwe ndi makilogalamu 6. Pakati pa mabulaketi otalikirana mamita 1.2 ndiye kuti palendewera makilogalamu 7, osawerengera matope a fumbi la chilimwe chonse ndi masamba a nimu. Pulasitiki wofewa ndi dzuwa sangapirire zimenezo. Pakati pa bulaketi ndi bulaketi panachita mimba, ndipo mimba ikachitika sibwereranso. Mvula ikatha madzi ankatsalira m'mimba khumi zija. Patatha sabata ndinakwera pa makwerero n'kupeza timphutsi ta udzudzu tikuvina mmenemo, pamwamba penipeni pa zenera la kuchipinda kwa ana. Ku Chigwa kuno, komwe malungo sachita kuitanidwa, ine ndinali nditawamangira nyumba ndi ndalama zanga.

Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kumaliza zotsala. Joini imodzi ya kumaso inathyoka pomwe panali guluu, ndipo mbali yonse madzi ankangosefukira pamlomo wa gata ngati palibe chilichonse. Apa ndinene chilungamo: kusefukirako sikunali mlandu wa pulasitiki. Unali wa paipi imodzi yokha yomwe tinaika kumapeto. Mbali imodzi ya denga langa ndi 12.6 kuchulukitsa ndi 4.5, masikweya mita 56.7. Mvula yamphamvu, ija yoti ikanagwa ola lathunthu ikanakwana mamilimita 100, imatsitsa malita 5,670 pa ola kuchokera pa denga lotere, kapena kuti pafupifupi lita imodzi ndi theka pa sekondi. Mgolo wa malita 200 umadzaza m'mphindi ziwiri ndi pang'ono. Madzi onsewo ankayenera kuyenda mamita 12 m'gata wokhotakhota kuti akapeze bowo limodzi. Bowolo mukaliika pakati, gata aliyense wa uku ndi uku amangonyamula theka la madziwo, ndipo izi n'zoona kaya gata ndi wa pulasitiki kaya wa malata.

M'chilimwe cha 2022 ndinapita kwa mdala wina wokhoma zidebe ndi mbaula pa msika wathu. Sindinapite ndi chikhulupiriro chambiri. Anabwera pa njinga ndi tepi yake, n'kuyang'ana njoka yanga ija kwa nthawi, kenako anati, “Achimwene, gata alibe mlandu. Gata ndi mwana, amagona mmene mwamugonekera. Tiyambe taona chomwe chamunyamula.” Ndipo anayamba ndi fishabodi, osati gata.

Fishabodi zomwe mungasankhe zilipo zitatu, ya thabwa, ya simenti ndi ya pulasitiki, ndipo apa m'pomwe utali umavuta anthu. Lamulo lake ndi lakuti pomwe mabodi awiri akumana pakhale pa mutu wa mtengo wa denga, kuti onse awiri akhomeredwe pamenepo. Ndiye simungangotenga 12.6 n'kugawa ndi utali wa bodi. Matabwa a paini omwe timagula kuno nthawi zambiri amakhala a mafiti 18, omwe ndi mamita 5.5 kuchotsapo pang'ono. Pa denga langa bodi yoyamba imatenga masentimita 30 otuluka aja ndi mipata inayi, kukhala mamita 5.1. Yachiwiri mipata inayi, mamita 4.8. Yachitatu mipata iwiri ndi masentimita 30 a kumapeto, mamita 2.7. Zidutswa ziwiri za 2.7, cha kumaso ndi cha kuseri, zimatuluka m'thabwa limodzi, ndiye pa pepala matabwa 5 akwana. Gulani 6. Thabwa la paini lomwe lagona padzuwa la ku Nchalo kapena ku Dyeratu kwa mwezi limakhala long'ambika kumapeto, ndipo mukadula chong'ambikacho mamita 5.4 aja sakwananso. Za simenti zomwe ndinapeza zinali za mamita 3.6, zomwe zimagwirizana bwino ndi mipata itatu ya 1.2, koma ya kumapeto siyingatenge mipata itatu ndi masentimita 30 otuluka aja. Ndiye zimakhala 2.7, 3.6, 3.6, 2.7: mabodi 4 mbali iliyonse, 8 onse pamodzi, n'kutsala tizidutswa ta masentimita 90 tinayi. Apa sindinawerengere mabodi a m'mbali mwa denga, aja okwera motsetsereka. Amenewo muyeze paokha.

Thabwa ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: sikuluwu imagwira paliponse, ndiye bulaketi mumaika pomwe mukufuna. Kuipa kwake mukukudziwa kale. Chiswe cha kuno sichigona, ndipo dzuwa limapinda thabwa losauma bwino mpaka lizule misomali yake. Ngati mwasankha thabwa, likhale louma, lokhuthala inchi yathunthu, ndipo mulipake mankhwala a chiswe mbali zonse lisanakwere, makamaka kuseri ndi modulidwa, komwe burashi sidzafikanso. Penti ibwere pambuyo pake. Amisiri ambiri amakhoma kaye n'kudzapaka kumaso kokha, ndipo chiswe chimalowera kuseri komwe kuli koyera.

Ya simenti chiswe sichiidya, dzuwa siliipinda, ndipo penti imakhalitsa. Koma ndi yosweka. Imathyoka pa lole, imathyoka mukakhoma msomali musanaboole, ndipo monga ndaonera ndi maso anga, siigwira sikuluwu payokha. Chomwe mdala uja anachita n'chosavuta moti ndinachita manyazi: anamasula mabodi, n'kukhoma kamtengo ka 2 kwa 2 kopaka mankhwala pakati pa mitu ya mitengo ya denga, mzere wonse, kenako n'kubwezera mabodi pamwamba pake. Tsopano sikuluwu imaboola simenti n'kukaluma mtengo kuseri. Kamtengo kameneka palibe hadiweya yomwe idzakulembereni pa kotesheni, koma popanda iko fishabodi ya simenti ndi chokongoletsa chabe. (Ngati nyumba yanu ndi yakalekale, ya mabodi otuwa aja a asibesitosi, musacheke kapena kuboola. Fumbi lake limawononga mapapo.)

Ya pulasitiki sindinaiyese ndipo sindiiyesa. Ndaiona pa nyumba ina ku Nchalo itachita mafunde mbali ya kumadzulo, ndipo nayonso imafuna mtengo kuseri kuti bulaketi igwire.

Ine ndinatsala ndi ya simenti yokhala ndi kamtengo kuseri, ndipo amene angandifunse ndimuuza zomwezo.

Tsopano magata a malata. Mdala uja amagula lata lafulati la mafiti 8 kwa 4, n'kulidula m'litali, n'kulipinda pa chitsulo chake kukhala gata wa makona, wakuya kuposa wa pulasitiki uja, mlomo wake atawupiringiza kuti ulimbe komanso usacheke manja. Chidutswa chilichonse ndi mamita 2.4. Polumikiza chimodzi chimalowa m'chinzake masentimita 5 kapena kupitirira pang'ono, cha kumtunda chikhale pamwamba kuti madzi azidumpha joini, osati kuigunda. Pa mamita 12.6 zinalowa zidutswa 6, chomaliza chodula, ndiye majoini 5. Zonse zinabwera pa njinga ziwiri, palibe lole, palibe kondakitala. Ndipo chitsulo chimatalika pang'ono kwambiri: pa kutentha komwe kuja, mamilimita 6 okha pomwe pulasitiki amafuna 35.

Apa ndichenjeze, chifukwa okhoma zidebe si onse ali ngati mdala wanga. Nkhani yagona pa geji ya lata. Nambala ikamakwera lata limapyapyala. Geji 26 ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo ndi yomwe ndinaumirira. Geji 28 ndi yololeka. Ambiri pofuna kutsitsa mtengo amapinda geji 32, lomwe mukalidina ndi chala limalira ngati chitini cha mafuta, ndipo limenelo dzimbiri limaliboola msanga. Pitani mukaone lata lisanadulidwe, kapena mugule nokha mukapereke. Mufunsenso chomwe amatira pa joini. Ine ndinakana mtovu ndipo ndinakana phula, chifukwa madziwa timamwa. Tinamanga ndi maliveti, silikoni pakati.

Mdani wa gata wa malata ndi zinyalala zonyowa. Fumbi, masamba a nimu, ndi kwa anzathu oyandikana ndi minda ya nzimbe, phulusa lija limagwa ngati chipale akamawotcha nzimbe, zonsezi zikaunjikana pansi pa gata zimasunga chinyontho ndipo dzimbiri limayambira pomwepo, makamaka m'majoini ndi modulidwa. Pulasitiki alibe nazo ntchito zimenezi, ndipo pamenepa ndiye wapambana, ndivomere. Ine ndimakwera kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala mvula isanayambe ndi mu Epulo ikatha, ndi katsache ndi ndowa. Pa joini imodzi payamba kale kufiira, ndinapala n'kupakanso.

Mabulaketi a magata a malata tinawotcheretsa kwa owotcherera zitsulo, a chitsulo chafulati cha mamilimita 25 kwa 3, opindidwa motsata gata, okhala ndi kalilime kopindikira pamwamba pa mlomo. Kalilime kameneka musakasiye. Mphepo ija imabwera patsogolo pa mvula ya Novembala, yomwe imasasula madenga a masukulu ndi matchalitchi chaka chilichonse kuno, imalowa pansi pa gata wopanda madzi n'kumunyamula ngati chipewa. Tinawapaka penti yoletsa dzimbiri asanakwere, n'kuwaika motalikirana masentimita 90: mabulaketi 15 pa mbali imodzi, masikuluwu awiri pa iliyonse. Kawerengedwe kake ndi kugawa utali ndi mpata, n'kuwonjezera imodzi, chifukwa kumayambiriro nakonso kumafuna yake. 12.6 kugawa ndi 0.9 ndi 14, kuwonjezera imodzi 15.

Kutsetsereka mdala uja anakuchita ndi chingwe, osati ndi maso. Potulukira madzi tinaika pakati, ndiye mbali iliyonse ndi mamita 6.3. Anamanga bulaketi ya kumapeto m'mwamba momwe ingathere pansi pa malata, ya pakati n'kuitsitsa masentimita awiri ndi theka, omwe ndi mamilimita 4 pa mita, n'kukoka chingwe pakati pa ziwirizo. Zina zonse zinatsata chingwe. Musatsetsereketse kwambiri poganiza kuti madzi athamanga bwino. Gata akatsika kwambiri pansi pa malata, madzi a mvula yamphamvu amamudumpha n'kukagwera panja. N'chifukwa chakenso potulukira pakati ndi pabwino: mukanati mutsetsereke mamita 12.6 onse mbali imodzi, kumapeto gata akanatsika masentimita 5. Malata nawo alowe m'gata pafupifupi masentimita 5. Akalowa pang'ono madzi amabwerera kuseri n'kunyowetsa fishabodi, akalowa kwambiri dzanja silikwana poyeretsa. Atamaliza anakwera ndi ndowa n'kuthira madzi kumapeto, ife tikuyang'ana ngati patsala chithaphwi. Mmisiri amene akana kuchita zimenezi musamulipire yomaliza.

Nanga kuseri? Ndalama zinalidi zochepa, alamu sananame. Magata a pulasitiki a kuseri sanapindike kwambiri chifukwa kuli mthunzi wa mtengo wa bwemba masana. Tinadula majoini omatidwa aja, n'kugula atsopano a labala, n'kusiya mpata pa kamzere kaja, n'kutenga zidutswa zowongoka za kumaso kulowetsa m'malo mwa zomwe zinachita mimba. Mabulaketi tinaika motalikirana masentimita 60: 12.6 kugawa ndi 0.6 ndi 21, kuwonjezera imodzi 22. Ndiye kuti mabulaketi 22 omwe anandigulitsa a nyumba yonse anali okwanira mbali imodzi yokha. Tinaonetsetsanso kuti pafupi ndi joini iliyonse ndi potulukira madzi pali bulaketi uku ndi uku, chifukwa m'pomwe pamalemera. Mapepala a opanga ena amalola mpaka mita imodzi, koma ine ndinaona zomwe dzuwa la kuno limachita, sindingapitirire 60.

Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anayesa mbali zonse ziwiri kwa masiku angapo osalekeza, ndipo zonse zinapirira. Zimandiwawa kulemba zimenezi, koma pulasitiki woikidwa bwino amagwira ntchito. Sadontha, sachita dzimbiri, ndi wosalala moti zinyalala zimatsetsereka zokha. Chomwe ndikuona tsopano n'chakuti wayamba kuchita chikasu, ndipo mukamupukuta ndi chala pamatsala ufa woyera. Bulaketi imodzi inathyoka m'manja mwanga ngati bisiketi pomwe ndinkaitsegula poyeretsa. Ndinafunafuna ku Ngabu ndi ku Nchalo osapeza yofanana nayo, chifukwa mabulaketi ndi majoini a kampani ina salowa pa gata wa kampani ina ngakhale onse alembedwa 125. Mpaka lero pamenepo pali waya. Bulaketi yachitsulo ikanathyoka, owotcherera ali pamsika pomwepa.

Pa mapaipi otsitsira madzi sinditaya nthawi: gulani a pulasitiki. Paipi yoimirira sinyamula madzi ogona, siichita mimba, ndipo utali wake ndi mamita atatu okha, kutalika kwake ndi dzuwa n'kosadetsa nkhawa. A malata amachita dzimbiri m'msoko, ndipo mbuzi kapena njinga ikagunda amaphwatalala. Ndinachotsa a mamilimita 75 n'kuika a 110, aja a zimbudzi, omwe amapezeka m'hadiweya iliyonse pamodzi ndi mabendi ake, ndipo masamba satsekeramo. Mdala uja anangopanga potulukira pa gata wa malata molingana ndi paipiyo. Paipi iliyonse imafuna mabendi awiri m'mwamba kuti ifike pakhoma, limodzi pansi lotayira madzi kutali, ndi zomangira zitatu pa khoma la mamita 2.7, m'mwamba, pakati ndi pansi. Pobowola khoma, bowolani njerwa, osati mzere wa pakati pa njerwa, makamaka ngati nyumba inamangidwa ndi dothi. Ndipaka penti paipiyo kuti dzuwa lisaiphikitse.

Kumaso paipi imalowa m'thanki, koma bendi la pansi sindinalimate, kuti mvula ziwiri zoyamba ndizilitembenuzira kumbali, fumbi ndi zitosi za mbalame zipite kaye. Kuseri imathira m'kangalande ka simenti komwe kamapita mamita atatu kutali ndi maziko, ku nthochi za mayi a kunyumba.

Mitengo ya ndalama sindilemba. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, moti nambala iliyonse yomwe ndingaike pano ikhala yabodza pofika mwezi wamawa. Chomwe ndinganene n'chakuti nthawi yomwe ndinkagula, gata wa malata a geji 26 pamodzi ndi mabulaketi owotcherera ndi ntchito ya mdala uja sizinasiyane kwenikweni ndi pulasitiki mukawerengera mabulaketi okwanira, majoini ndi lole. Pulasitiki amaoneka wotchipa pokhapokha kotesheni ikabisa theka la zofunika.

Alamu, za nyumba yanu ya ku Bangula ndi izi. Yezani m'mphepete mwa malata, osati khoma, ndipo muwerenge mitengo ya denga musanagule bodi ngakhale imodzi. Fishabodi ya simenti, kamtengo kuseri. Gata wa malata a geji 26, potulukira pakati, kapena mapaipi awiri ngati pakati pali khomo. Mapaipi a pulasitiki a 110. Ngati mlongo wanga waumirira oyera aja chifukwa amaoneka bwino, mugule a mamita 3 kapena 4 omwe anganyamulike, mabulaketi a masentimita 60 aliwonse ndi ena asanu osungira, ndipo chitini cha guluu chisayandikire makwerero. Mdala uja ndamuuza kale kuti mubwera Loweruka, mutenge tepi ndi pepala lomwe mwalembapo miyezo.